Kalata ya kwa ahedi mwana akamapita ku maliro kuchigwa

 Lero tikamba za kapepala kamene ambiri timakakumbukira galimoto italiza kale injini. Ndikunena kalata imene kholo limalembera aphunzitsi aakulu, kupempha kuti mwana achokeko kusukulu sabata imodzi chifukwa kumudzi kwagwa zovuta.

Tiyerekeze kuti pali mayi wina wogulitsa tomato ndi anyezi mumsika muno mwa Lundazi. Lolemba madzulo, pa 3 Febuluwale, foni yalira: amayi awo owabereka atisiya kumudzi, kuchigwa kwa amfumu a Kazembe, m'boma la Lumezi. Mayiyu ali ndi ana awiri pa sukulu ya pulaimale ya m'tauni muno, mtsikana wa Giredi 6 ndi mnyamata wa Giredi 2. Bambo wa anawo ali ku Chipata, ulendo wa makilomita pafupifupi 180, ndipo akakumana konko kumaliro. Usiku wonse wapita ndi kulira, kuimba mafoni, kufunafuna wosiyira benchi kuti tomato asaolere mu dengu, ndi kubwereka ndalama ya ulendo. Za sukulu zimabwera kumapeto, ndipo kawirikawiri zimathera pa mawu otuma mwana wa oyandikana nawo nyumba: ukawauze aphunzitsi kuti anzako apita ku maliro, abwera sabata yamawa.

Mawu otumawo ndiwo ndikufuna tiwaunike. Palibe mphunzitsi m'Lundazi muno amene sadziwa kulemera kwa maliro. Nawonso amagona pa siwa, nawonso amasonkha chipepeso. Kalata sikulembedwa kuti ahedi amve chisoni, chisoni ali nacho kale. Chimene alibe ndi tsiku. M'mawa uliwonse mphunzitsi wa kalasi amatsegula rejisita ndi kuitana maina, ndipo pa dzina la mwana amene palibe ayenera kulembapo kanthu. Kujomba kopanda chifukwa ndi kuchoka ndi chilolezo sizilembedwa mofanana, komanso siziwerengedwa mofanana pamene masiku akuphatikizidwa kumapeto kwa temu. Lamulo la maphunziro la dziko lino, la chaka cha 2011, limaika pa mapewa a kholo udindo wolembetsa mwana kusukulu ndi kuonetsetsa kuti akupitako. Ndiye mwana akasowa masiku asanu otsatizana, sukulu ili ndi funso loyenera kufunsa, ndipo yankho la mwana wa oyandikana nawo silingaikidwe mu faelo.

Chiyambireni maphunziro aulere mu Januwale 2022, makalasi ambiri adzaza mpaka pakhomo. Mphunzitsi amene akuyang'anira ana ochuluka chotero sangasunge m'mutu kuti uyu ali ku maliro, uyo ali ndi malungo, winayo wangothawa kukagulitsa mandasi pa siteshoni. Pepala limamukumbutsa.

Tsono tiwerenge masiku a mayi athu aja moona mtima, chifukwa apa ndi pamene makalata ambiri amanama osafuna. Uthenga wafika Lolemba usiku. Lachiwiri pa 4 ndi tsiku lofuna galimoto, ndipo amene munatsikako kuchigwa mu Febuluwale mukudziwa kuti galimoto yopita kumeneko siima pa siteshoni kukudikirani monga basi ya ku Chipata. Mumamva kuti kuli lole yonyamula katundu wa m'magolosale, kapena galimoto ya mpingo, mumapempha malo. Msewu ukatsika phiri nkulowa m'dothi lakuda la m'chigwa, matayala amamira, ndipo mitsinje yotsikira ku Luangwa ikadzaza mumakhala pansi kudikira kuti madzi aphwe. Kufika Lachiwiri usiku ndi mwayi. Kufika Lachitatu m'mawa ndiko kuyembekezeka.

Kumudzi kulibe nyumba yachisoni yozizira, ndipo kuchigwa kumatentha, kotero adzukulu sangadikire nthawi yaitali. Maliro aikidwa Lachitatu pa 5. Koma mwana wa malemu sachoka pa manda nkukwera galimoto. Lachinayi ndi kusesa, kuchotsa phulusa la moto wa pa siwa, ndipo m'mabanja amene akusungabe mwambowo pamakhalanso kumeta. Lachisanu akuluakulu a banja amakhala pansi: zovala za malemu zigawidwa bwanji, munda ulimidwa ndi ndani pakuti chimanga chili m'munda, agogo aamuna otsalawo awasamala ndani. Loweruka ndiye kuyamba kufunsa za galimoto yokwera kumtunda. Ikapezeka Loweruka lomwelo kapena Lamulungu, ana akhala m'kalasi Lolemba pa 10.

Mwaona kuti ulendo wonse ndi masiku asanu ndi limodzi, koma masiku a sukulu amene atayika ndi anayi okha, Lachiwiri mpaka Lachisanu. Izi nzofunika kuzilemba momwemo. Kholo likangoti sabata imodzi, ahedi sadziwa ngati likuwerenga kuyambira tsiku lonyamuka, tsiku loika maliro, kapena Lolemba lotsatira. Kholo lina, pofuna kuoneka laulemu, limapempha masiku awiri okha, likudziwa bwino kuti kuchigwa sungapite ndi kubwera m'masiku awiri nyengo ya mvula. Limaganiza kuti pempho laling'ono ndilo livomerezeke msanga. Zotsatira zake, masiku awiri oyamba amalembedwa ndi chilolezo, otsalawo amalembedwa kujomba, ndipo mwana pobwera amakalandira chilango cha mlandu wa amayi ake. Ine ndimati pemphani masiku enieni, ndipo tchulani tsiku la mwezi limene mwana adzakhala pa desiki.

Ndikuwerengereni kalatayo monga mmene mayi athu angailembere pa pepala long'amba pakati pa kope. Pamwamba alemba kumene amapezeka, Msika wa Lundazi, ndi tsiku, 4 Febuluwale. Kenako:

“Kwa Aphunzitsi Aakulu, kudzera kwa aphunzitsi a Giredi 6 ndi a Giredi 2. Ndine mayi wa ana awiri a pa sukulu yanu.” Apa alemba maina onse a anawo monga mmene alili mu rejisita, ndi kalasi ya aliyense. “Amayi anga ondibereka, agogo a anawa, amwalira dzulo pa 3 Febuluwale kumudzi kwathu kwa amfumu a Kazembe. Ndikupempha chilolezo kuti anawa apite nane ku maliro. Tinyamuka lero Lachiwiri pa 4, ndipo adzakhala m'kalasi Lolemba pa 10 Febuluwale. Msewu ukatichedwetsa chifukwa cha mvula, ndidzaimba foni kapena kutuma mlongo wanga amene watsala kuno.” Apa alemba nambala yawo ndi ya mlongoyo. “Ngati pali mayeso kapena ntchito yolemba sabata ino, ndikupempha kuti mundidziwitse kuti adzaichite akabwera. Zikomo kwambiri. Ine kholo,” dzina, ndi kusaina.

Basi, yathera pomwepo. Mulibe mbiri ya matenda a agogo, mulibe vesi, mulibe mawu akuluakulu a m'dikishonale. Koma muli zinthu zingapo zimene ndikufuna ndiziimepo pang'ono.

Choyamba ndi dzina. Ana athu ambiri ali ndi maina awiri kapena atatu: la kunyumba, la ubatizo, ndi limene linalembedwa tsiku loyamba la Giredi 1, mwina ndi azakhali amene anamuperekeza. Ndipo m'boma lino, m'kalasi imodzi mungapezeke a Nyirenda anayi, a Banda atatu ndi a Zimba awiri. Kalata yonena za mwana ndi dzina la kunyumba ingagwere pa mwana wina, kapena kusowa mwini wake. Ngati simukutsimikiza, onani pachikuto cha kope la mwanayo kapena pa lipoti la temu yatha.

Chachiwiri ndi ubale. Tchulani kuti womwalirayo ndi ndani kwa mwanayo, ndipo mutchule molunjika. Mwa chikhalidwe chathu, mkulu wa amayi ndi amayi, mng'ono wa abambo ndi abambo, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma aphunzitsi amakumbukira. Mwana amene anaika agogo mu temu yoyamba, agogo ena mu temu yachiwiri, nkubweranso ndi agogo mu temu yachitatu, amayamba kuonedwa ndi diso lina, ngakhale onse atatuwo anamwaliradi. Nchifukwa chake mayi athu alemba kuti amayi anga ondibereka. Akanakhala mlongo wa agogo, akanalemba momwemo, ndipo ahedi akanayeza okha ngati ulendo wotayitsa masiku anayi a sukulu ukuyenera mwana wa Giredi 6.

Pali ena amene amaopa kulemba chifukwa sadziwa Chingerezi. Nzoona kuti makalata a m'maofesi a boma amayenda m'Chingerezi, koma iyi si kalata yopita ku Lusaka. Chinyanja chimaphunzitsidwa m'masukulu a chigawo chino cha Kum'mawa, ndipo Chitumbuka ndicho chimamveka kwambiri mumsika muno. Kalata yomveka ya m'chinenero chanu iposa ya Chingerezi chobwereka imene wolembayo wasokoneza masiku. Ngati dzanja silinazolowere cholembera, pa benchi loyandikana pali wina wodziwa. Alembe, akuwerengereni mokweza kuti mumve ngati masiku ali bwino, inu musaine kapena mudinde chala. Chokhacho chimene sindingavomereze ndi kulola mwana mwini wake kulemba ndi kusaina m'dzina lanu. Aphunzitsi amadziwa kalembedwe ka ana awo kuposa mmene inu mumakadziwira, ndipo kalata yotere imakayikitsa ngakhale maliro enieni.

Nanga foni? Ikani mayunitsi muimbe, sizoletsedwa, makamaka ngati galimoto ikunyamuka mbandakucha sukulu isanatsegule. Uthenga wolemba pa foni ya aphunzitsi a kalasi ndi wabwino kuposa kungoimba, chifukwa umatsala. Koma foni ndi ya munthu, si ya sukulu. Mphunzitsiyo akadwala kapena akaitanidwa ku msonkhano ku ofesi ya maphunziro ya boma, wogwirizira kalasi sadziwa kanthu. Ndiye pepala lifikebe, ngakhale litafika Lachitatu m'manja mwa mlongo uja. Amene ali ndi foni yojambula ajambule kalatayo asanaipereke.

Tsopano tifike pa funso limene kalata siingayankhe, loti kodi ana onse awiri apite. Kamnyamata ka Giredi 2 palibe nkhani: sungakasiye kokha, ndipo masiku anayi pa msinkhu umenewo amabwezeka ndi kuwerenga pang'ono madzulo. Mtsikana wa Giredi 6 ndiye wofunika kumuganizira. M'makalasi aakulu a pulaimale ndi ku sekondale, piriyodi imodzi ndi mphindi 40, ndipo m'masukulu ambiri tsiku limakhala ndi mapiriyodi pafupifupi asanu ndi atatu. Masiku anayi ndiye mapiriyodi oposa 30. Maphunziro ena amabwezeka pokopera notsi. Masamu sabwezeka choncho. Ngati sabata imeneyo anzake ayamba mutu watsopano, tinene kugawa tizigawo ta nambala, mwana pobwera amapeza anzake ali pa sitepe yachitatu, ndipo kukopera zimene zili m'kope la mnzake sikumuuza chifukwa chimene nambala yapansi yapitira pamwamba. Chizindikiro chake mudzachiona pakatha milungu iwiri kapena itatu: mwana amene ankachita bwino masamu ayamba kubweretsa ntchito yolemba theka. Nchifukwa chake mzere womaliza wa kalata ija, wofunsa za ntchito ya sabatayo, si ulemu chabe.

Komabe ine sindili m'gulu la amene amati mwana wa sukulu alibe gawo pa maliro. Agogo amene anamulera, amene ankamusungira mtedza ndi mpunga wa kuchigwa pa holide, mwana ayenera kukawaona akuikidwa. Mu Febuluwale, mkati mwa temu yoyamba, mtsikana wa Giredi 6 apite.

Koma sinthani mwezi, muone mmene nkhani isinthira. Uthenga womwewo ufike kumapeto kwa chaka, mwanayo ali mu Giredi 7 kapena Giredi 12, mayeso a boma ali mkati. Apa mphamvu za ahedi zimathera pa chipata. Mayeso a kumapeto kwa temu ndi a sukulu, aphunzitsi angathe kumukonzera mwana tsiku lina lolembera ngati agwirizana. Mayeso a bungwe la ECZ ndi a dziko lonse: pepala limodzi limatsegulidwa tsiku limodzi, ola limodzi, kuyambira ku Chama mpaka ku Livingstone. Ahedi, ngakhale atalira nanu limodzi, sangalisunthe, ndipo sangasungire mwana wanu pepala mu kabati. Amene palibe tsikulo walembedwa kuti sanabwere, ndipo phunzirolo alibe zotsatira chaka chimenecho. Palinso ntchito zina zimene ana a m'makalasi a mayeso amachita pa sukulu pomwepo mkati mwa chaka, zimene malikisi ake amatumizidwa ku bungwelo kukaphatikizidwa ndi a mayeso omaliza. Zimenezo zili ndi tsiku lotsekera. Kholo la mwana wa m'kalasi ya mayeso lisangotumiza kalata, lipite lokha kapena liimbe, lifunse kuti sabata ino kuli chiyani. Ngati kuli pepala, mwana atsale ndi wachibale, adzapite kukaona manda sukulu ikatsekera. Akuluakulu a kumudzi amamvetsa zimenezi kuposa mmene timawaganizira, bola awuzidwe ndi munthu wamkulu, osati angoona kuti mdzukulu palibe.

Wina pa mzere wa nsomba zouma angafunse kuti, kodi si lamulo kuti pa maliro munthu amapatsidwa masiku? Lamulolo lilipodi, koma ndi la apantchito. Lamulo la ntchito la chaka cha 2019 limapatsa wogwira ntchito masiku osachepera 12 pa chaka, olipidwa, akataya mkazi kapena mwamuna wake, kholo, mwana kapena womudalira. Mwana wa sukulu sali pa ntchito. Iye chilolezo chake chimachokera kwa aphunzitsi aakulu, ndipo nchifukwa chake kalata ija imati ndikupempha, osati ndikukudziwitsani. Kusiyana kwake sikochepa. Wopempha amasiya mpata woti ahedi anene kuti, amayi, Lachisanu kuli mayeso, kodi wamkuluyu sangabwereko msanga ndi amalume ake?

Za ana ogonera kusukulu ndingodutsamo mwachidule. Kumeneko kalata yokha siitulutsa mwana pa chipata, pakuti usana ndi usiku ali m'manja mwa sukulu. Pafunika munthu wamkulu wodziwika kuti akamutenge, ndipo uthenga wa imfa uyambe wafika kwa aphunzitsi, iwo ndiwo apeze njira yomuuzira. Kumuimbira mwana pa foni yobisa usiku mu hositelo ndiko kumene kumachititsa ana kulumpha mpanda nkuyamba ulendo okha. Ndipo inu amene maliro anu ali kutsidya, ku Mzimba kapena ku Kasungu, podutsa pa Lusuntha, makilomita osafika 20 kuchokera pano, kumbukirani kuti kalata ya kusukulu si chiphaso cha pa malire. Mapepala a mwana odutsira ndi nkhani ina, ya ofesi ina.

Masukulu ena amafuna umboni mwana akabwera, makamaka ngati masiku apitirira. Imfa ya kumudzi nthawi zambiri ilibe pepala la kuchipatala, koma anyakwawa a mudziwo angathe kulemba mizere iwiri yotsimikiza kuti maliro analipodi ndi tsiku limene anaikidwa. Nkosavuta kuipempha muli konko kusiyana ndi kuifuna mutakwera kale kumtunda.

Tibwerere ku msonkhano wa Lachisanu uja, umene akuluakulu akukambirana za agogo aamuna otsala okha. Pamenepo ndi pamene sabata imodzi imasanduka temu. Wina amati, mtsikanayu wakula, atsaleko pang'ono aziwaphikira ndi kuwatungira madzi mpaka tikolole. Mayi ali ndi chisoni, ali pakati pa amalume awo, ndalama ya ulendo wa anthu atatu yachepa, ndipo amavomera. Mnyamata wamng'ono amabwerera, mtsikana amatsala. Sizichitika mwa nkhanza, zimachitika mwa kutopa. Apa tsiku lija lolembedwa m'kalata limagwira ntchito imene wolembayo sanaiganizire. Mayi angathe kuyankha amalume awo mwaulemu kuti, ndinasaina kwa ahedi kuti anawa akhala m'kalasi Lolemba pa 10, ndikapanda kubwera nawo ndikafunsidwa. Ndi chifukwa chimene munthu wamng'ono pa banja angachinene pamaso pa akuluakulu popanda kuoneka wamwano. Ndipo ku sukulu nakonso, Lolemba likafika dzina nkuitanidwa popanda woyankha, mphunzitsi ali ndi nambala ziwiri zoimbira tsiku lomwelo, m'malo modikira milungu itatu kuti ayambe kudabwa.

Ngati banja lagwirizanadi kuti mwana akhale kumudzi, imeneyo si nkhani ya chilolezo cha maliro ayi. Pafunika kubwera ku sukulu yake kudzatenga kalata ya transifa, kuti akalembedwe pa sukulu ya kufupi ndi mudziwo ndipo dzina lake lichoke mu rejisita ya kuno mwa dongosolo. Kwa mwana amene walembetsa kale mayeso a boma, funsani kaye za malo olembera musanamusunthe, pakuti dzina lake ndi nambala yake ya mayeso zili pa sukulu imene analembetsera, ndipo kumeneko ndiko pepala lake likamudikire.

Lolemba pa 10, mayi athu asanayale tomato, aperekeze anawo mpaka pa khomo la kalasi, kapena alembe mzere umodzi wonena kuti tabwerako. Mtsikana abwereke makope a mnzake wolemba bwino, ayambe ndi masamu, ndipo afunse aphunzitsi tsiku lolembera zimene zinamudutsa Lachisanu lisanafike. Ngati anameta kumaliro, kapena wavala kansalu kakuda pa yunifolomu, aphunzitsi a kalasi awuzidwe m'mawa momwemo, anzake asanayambe kufunsa.